Jagora wa Mayi wa Nyemba

Pa nkhani yonenerera mtengo palibe amene anandigwetsapo, kuyambira kwathu ku Ntengo-Wambalame mpaka kumene chapa, minibasi yathu ija, imatembenukira. Sikudzitama ayi, kafunseni azimayi ogulitsa tomato pamsika wathu. Akandiona ndikubwera amayamba kuvundikira madengu, chifukwa amadziwa kuti ndikagula mulu umodzi ndichoka ndi basela woposa muluwo. Ndinagulapo mbuzi kwa munthu amene anangobwera kudzaimwetsa madzi, iye n'kubwerera kwawo akundithokoza. Ndiye pamene mayi wina wa ku Furancungo anandiitana kuti ndikamumangire sitolo, ndinauza mkazi wanga kuti akonzeke kugona pansi pa malata mvula isanagwe.

Ndine womanga nyumba. Kuno amatitcha a mesitiri, dzina lokoma kumva koma losakhutitsa. Chaka chimenecho ndinali nditasasula udzu panyumba yanga, n'kukweza zipupa kuti zilandire malata amene ndinali ndisanagule. Njerwa zake ndinamangira matope, osati simenti, ndipo aliyense amadziwa zimene mvula imachita ndi chipupa chotere chikakhala chopanda denga. Mkazi wanga ndi ana anasamukira kukhitchini, matumba a chimanga tinawasiya m'nyumba yopanda mutuyo titawafunditsa lona. Ntchito ya ku Furancungo ndiyo inali malata anga. Ndikamaliza, ndilandire ndalama zotsala, ndigule malata, ndikhome. Panalibe chovuta.

Mayiyo sanali mlendo kubanja kwathu. Nthawi ya nkhondo anathawira ku Malawi limodzi ndi mayi anga, ndipo misasa yawo inayandikana. Ine ndinali kamwana. Atabwerera, iwo anakwatiwa ku Macanga, dera limene kuli Furancungo, amuna awo anamwalira, iwo n'kuyamba kugula nyemba kumidzi ya ku Chidzolomondo n'kumagulitsa pamsika wa ku Furancungo. Anali ndi kagolosale kakale ka malata okhaokha, tsopano ankafuna sitolo ya njerwa.

Tinapangana titakhala pa zidebe zovundikira, mlamu wawo, bambo wovala jekete ngakhale dzuwa liswe mtengo, ali mboni. Ndinatenga kamtengo n'kujambula pansi. Zipinda ziwiri, chogulitsiramo ndi chosungiramo katundu. Maziko, zipupa, denga, simenti ya pansi, pulasitala ya mkati. Zipangizo zonse zawo, manja ndi aganyu anga. Mtengo umodzi pa ntchito yonse, theka poyamba, theka pomaliza. Tinalimbana pamtengowo mpaka mthunzi unatithawa, ndipo ndinawakweza kufika pamene ndinkafuna. Mayiyo anapukusa mutu nati, "Mwana wa mnzanga wandisenda lero." Ine mumtima ndinavina. Sindinadziwe kuti munthu wogulitsa nyemba akavomera mtengo mofulumira ndiye kuti akuwerengera zina.

Pangano la mtengo umodzi lili ndi ubwino wake. Ukagwira msanga, masiku otsalawo ndi ako. Koma lili ndi mano. Tsiku lililonse lowonjezera, aganyu okanda matope ndi otunga madzi umawalipira kuchokera m'thumba lako, ndipo mtengo uja sukula nawo ayi.

Liwu limene linandidya ndi jagora. Ndi lachipwitikizi, timalinena tonse kuno, ndipo tanthauzo lake n'lakuti poti muli pomwepo kale. Limamveka ngati kanthu kopepuka, ngati munthu akukupempha kuti umupatsireko mchere.

Jagora woyamba anabwera tikukumba maziko. "A mesitiri, jagora, sitepe ya pakhomo panga yagumuka. Simungaipakeko kasimenti?" Ndinapita, ndinakonza, ndipo ndinachita kusalaza bwino kuti aone dzanja langa. Ndinati ameneyu ndi basela, ndi munthu uti amene samupatsa kasitomala wake basela? Ine amene ndakhala ndikulanda basela moyo wanga wonse ndinaiwala chimene ndimachidziwa bwino, choti wogulitsa akakupatsa kamodzi osadandaula, mawa umabwera ndi thumba lalikulu.

Wachiwiri anabwera zipupa zitafika pamwamba pa mawindo. Mayiyo anaima pamsewu, manja m'chiuno, akuyang'ana sitolo yawo. "Windo ili likuyang'ana kolakwika. Anthu otsika chapa amachokera uku. Jagora, lisuntheni libwere mbali ino." Lisuntheni! Ngati kuti windo ndi mpando. Kusuntha windo ndiko kugumula chipupa chimene wamanga, kuumba mtanda wina wa simenti woti unyamule njerwa za pamwamba pake, kudikira kuti uume, ndi kutseka bowo lakale. Ndinatsegula pakamwa kuti ndifotokoze. Iwo anandidula.

"Iwe," anatero, ndipo a mesitiri aja anathera pomwepo, "ine ndinakubereka kumsana kuno tili ku Malawi, mayi ako ali pamzere wa ufa. Unandinyowetsera chitenje changa chokhacho. Lero windo likukulemera?"

Mungayankhe chiyani pamenepo, aganyu ako akumvetsera, ataweramira m'matope kuti usawaone akuseka? Ndinasuntha windo.

Kuyambira pamenepo jagora anaswana. Malo otsukirapo mbale kuseri. Kabowo ka mphaka pachitseko cha chipinda cha katundu, chifukwa cha makoswe. Simenti pakamwa pa chimbudzi. Chilichonse pachokha chinali chaching'ono moti ukakana umaoneka wouma mtima, koma ukaziphatikiza zinali nyumba ina. Ndipo chondikwiyitsa kwambiri n'chakuti ankandipempha mwaulemu, atandibweretsera thobwa lozizira, nthawi zina ndi mbatata yootcha. Munthu sungakalipe pakamwa pali mbatata ya eni ake.

Ndinayesa njira zonse za munthu wamantha. Ndinayesa kugontha, iwo ankangobwereza mokweza. Ndinayesa kuusa moyo mwamphamvu, iwo anandifunsa ngati ndili ndi chifuwa. Ndinayesa kunena kuti tiona, koma kwa mayi ameneyo tiona ndi inde amene wachedwa pang'ono. Ndinapita kwa mlamu wawo wa jekete uja, mboni yathu, n'kumudandaulira kuti zimene tinajambula pansi si zimene ndikumanga. Anamvetsera akugwedeza mutu, nati ndikunena zoona, akalankhula nawo. Kenako pondiperekeza anati, "Jagora, a mesitiri, khola langa la nkhumba lapendekeka."

Masana ena mkazi wanga anaimba foni. Sanapereke moni wautali.

"Bambo a ana, mitambo yayamba kusonkhana kumapiri uku."

"Mitambo ya kutentha imeneyo, siigwetsa kanthu."

"Inu mukuiona muli ku Furancungo? Anzanu onse afolera. Ine ndikuphika utsi uli m'maso, ana akugona pafupi ndi mafuwa. Mukumanga sitolo kapena tchalitchi?"

Ndinayang'ana sitoloyo. Denga linali litakwera, koma pansi ndi pulasitala zinali zisanayambike, ndipo masiku amene ndinawerengera ntchito yonse anali atatha kale. Theka loyamba lija linali litapita kwa aganyu. Madzulo omwewo mayiyo anafika ndi jagora awiri nthawi imodzi: tebulo la simenti logulitsirapo, limene kuno timati balakau, ndi khonde kutsogolo loti makasitomala azibisalapo dzuwa. Khonde! Limeneli si kabowo ka mphaka. Ndi mizati, mitengo ya denga, malata, simenti ya pansi. Ndinangoti, "Ndamva, mayi," n'kuchokapo ndisanalankhule zimene mayi anga akanazimva kumudzi.

Kukalipa sikukanandithandiza. Theka langa linali m'manja mwawo, ndipo mmisiri amene watukwana mayi wamasiye, mnzawo wa mayi ake, mbiri yake imafika kwawo iye asanakwere n'komwe chapa. Kusiya ntchito kunali kutaya malata anga. Kupitiriza kuvomera kunali kutaya nyumba yanga.

M'mawa mwake ndinapita kumsika kukagula ndiwo za aganyu, ndipo ndinaima pabenchi pa mayiyo pomwe. Anandiyezera mbale ya nyemba, yosefukira bwino, n'kuponyamo kadzanja ka basela. Chizolowezi changa chinandigwira chokha.

"Mayi, jagora, onjezeraniko kadzanja kena."

Anamwetulira. Sanakwiye, sanandikumbutse za chitenje, sanati ayi. Anangotenga mbale yopanda kanthu, n'kuiika patsogolo panga.

"Imeneyo ndi mbale ina, a mesitiri. Ndikuyezereni?"

Ndinaima pamenepo ngati munthu amene wapondedwa chala m'tchalitchi. Mayi ameneyu ankadziwa bwino lomwe pamene basela amathera ndi pamene malonda atsopano amayambira. Pabenchi pake malirewo ankawasunga ngati mpanda wa dimba. Kusitolo kwake ndiye ankayenda mwa ine ngati m'munda wopanda mwini. Ndinakwiya kuposa dzulo lake, koma tsopano ndinali ndi mawu, ndipo anali mawu awo omwe.

Masana atabwera ndi thobwa ndinawapempha kuti tikhale pansi, ndipo ndinatumiza uthenga kuti mlamu wawo abwerenso. Sindinafune kulankhula aganyu ali pafupi, munthu wamkulu samuwongolera pagulu. Ndinatenga kamtengo n'kujambulanso pansi zipinda ziwiri zija.

"Mayi, balakau ndi nzeru yabwino. Khonde ndiye labwino koposa, sitolo iyi ikulifunadi. Ndipo ndikufuna ndikumangireni ndine, osati wina adzaononge ntchito yanga."

"Eya, ndiwe mwana wabwino."

"Koma mbale imene tinayeza tsiku lija ndi iyi." Ndinazunguliza kamtengo. "Maziko, zipupa, denga, pansi, pulasitala ya mkati. Alamu anu alipo. Sitepe ija inali basela, ndinapereka ndi mtima wonse. Balakau ndi khonde ndi mbale ina. Ndikuyezereni?"

Mlamu uja anatsokomola m'jekete mwake. Mayiyo anandiloza ndi chala.

"Wandibera mawu pamsika."

"Ndinagula, mayi. Anali m'kati mwa nyemba."

Anaseka pang'ono, koma anayesabe. "Ndiye mwana amene ndinamubereka kumsana akundiwerengera njerwa?"

"Msana wanu sindingaulipire ndi khonde, mayi, ngakhale nditamanga makonde mpaka ku Chidzolomondo. Koma adzukulu anu akugona pafupi ndi mafuwa, nyumba yawo ilibe denga. Mvula ikandipeza kuno, chipupa chimene ndinamanga ndi matope chibwerera kudothi."

Ndinawaikira njira zitatu, ndipo ndinazinena pang'onopang'ono kuti mboni imve. Chimene akufuna kuwonjezera tichipatse mtengo wake ndi masiku ake tisanachiyambe. Kapena tisinthanitse, chilowe china, chituluke china cholemera mofanana. Kapena chidikire, ndimalize zimene tinapangana, ndikafolere kwathu, ndidzabwerenso mvula ikatha ndi pangano latsopano.

"Nanga windo lija," ndinatero, poti mtima unali utalimba, "nalonso linali mbale ina."

"Unanena?"

"Sindinanene."

"Nyemba ukadya kale subwera kudzafunsa mtengo. Lija linapita."

Zinandiwawa, koma ananena zoona. Ntchito yowonjezera umaitchula mtengo usanaigwire. Ukaigwira kaye uli chete, ndiye kuti wapereka.

Pa balakau tinasinthanitsa. Chipinda cha katundu chikhale chopanda pulasitala, poti matumba a nyemba sayang'ana chipupa, m'malo mwake ndiwamangire tebulo lawolo. Masiku ake anali ofanana, palibe amene anataya. Khonde tinati lidikire chilimwe. Mlamu anabwereza zonse mokweza, ine ndinabwerezanso, mayiyo anavomera. Ndinadzuka pa chidebe paja ndikumva ngati ndatula thumba la simenti. Ndinali nditakana popanda kunena kuti ayi, ndipo thobwa linabwerabe mawa lake.

Nkhaniyi ikanathera apa bwenzi ndikuifotokoza m'mabawo monse. Koma mayiyo anali asanathe nane.

Ndikusalaza simenti ya pansi, anafika n'kuima pakhomo. Sananene jagora. Anaphunzira msanga.

"A mesitiri, ndabwera ndi mbale ina. Khonde lija ndikulifuna tsopano, mvula ikayamba anthu azibisala pasitolo panga, osati pa mnzanga uyo. Ndalama ndilibe, zonse zili m'nyemba. Koma golosale yakale ija ndikuigwetsa. Malata ake onse atha kukhala anu."

Malata! Chinthu chimene ndinachokera kwathu. Ndikawatenga amenewo, theka langa lotsala likhala la m'thumba, mwina feteleza wa mbatata, mwina njinga. Munthu wanzeru akanayang'ana kumwamba, n'kukumbukira foni ya mkazi wake, n'kunena kuti tinapangana chilimwe. Ine ndinamva fungo la malonda. Tinalimbana mpaka simenti inayamba kundiumira pa chipande chomangira. Ndinafuna malata onse, ndinapeza. Ndinafuna ndi misomali yake, ndinapeza. Ndinafuna ndi chitseko cha golosaleyo ngati basela, anadandaula, anaitana dzina la mayi anga, koma anapereka. Ndinagona tsiku limenelo ndikudziuza kuti dzina langa labwerera. Mtengo ndinatchula ndisanagwire ntchito, monga mmene ziyenera kukhalira. Chimene sindinachiyeze bwino ndi masiku. Ndipo malatawo ndinawaona ndili panja, sindinalowe mkati masana kuti ndiyang'ane m'mwamba.

Khonde linadya sabata ina yonse. Ndikukhoma lata lomaliza, mphepo inasintha, fungo la dothi lonyowa linabwera kuchokera kum'mawa, kumene kuli kwathu. Foni inalira. Sindinafunike kuyankha kuti ndidziwe.

Mayiyo anandilipira theka langa lonse, osachotsapo kanthu, ndipo pamenepo sindingawanamizire. Anandithokoza pamaso pa anthu, nati mwana wa mnzawo ali ndi manja. Tinakweza malata ndi chitseko pa galimoto ya katundu, woyendetsa n'kundilipiritsa ngati ndanyamula ng'ombe. Injini italira, mayiyo anabwera akuthamanga ndi kathumba.

"Jagora, poti mukudutsa ku Ulongwe, musiyireko mng'ono wanga nyemba izi."

Ndinayang'ana kathumbako, ndinayang'ana iwo. Ndinakalandira.

Kwathu ndinapeza mvula itagwa kale kawiri. Chimanga mkazi wanga anachipulumutsa, anachikokera yekha kukhitchini thumba ndi thumba, ndipo anaonetsetsa kuti ndamva za thumba lililonse. Koma chipupa cha kumpoto, nsonga yake imene ndinakweza ija, chinali chitagumukira mkati. Ndinachimanganso m'masiku a dzuwa apakati pa mvula, aganyu ndikuwalipira ndi ndalama ya njinga ija. Titakhoma malata, ndinalowa m'nyumba masana, ndinayang'ana m'mwamba, ndipo ndinaona nyenyezi. Mabowo a misomali yakale, mizere mizere, ena okula ngati nyemba. Mkazi wanga anaima pambali panga, nayenso akuyang'ana.

"Amenewa ndiye basela wake?" anafunsa.

Ndinakwera ndi phula, bowo ndi bowo. Ena oipitsitsa ndinawachotsa n'kugula atsopano ndi ndalama ya feteleza. Lero denga lilipo, limadontha malo amodzi okha, pamwamba pa mbali imene ndimagona ine. Chitseko cha golosale chija chinakana kulowa pakhomo lililonse la nyumba yanga, chili pakhola la nkhuku.

Ndimakwiyabe ndikakumbuka windo lija, ndi chimbudzi, ndi kabowo ka mphaka, ntchito ya masiku ambiri imene inalowa m'mimba mwa liwu limodzi. Koma kuyambira chaka chimenecho, munthu akangoti jagora ndimaika chipande pansi, ndimamwetulira, n'kumufunsa ngati ndimuyezere mbale ina, ndipo ndimatchula masiku ndisanatchule ndalama. Mawu amenewo andipulumutsa pa nyumba zambiri, ndipo ndinawatenga kwa mayiyo osalipira kanthu. Iwo ali ndi sitolo ya windo loyang'ana kumene akufuna, balakau, ndi khonde limene anthu amadzazana mvula ikamagwa, n'kumagula nyemba podikira. Amauza aliyense kuti anamanga ndi mwana wa mnzawo, ndipo anthu awiri a ku Furancungo andiitana kale chifukwa cha khonde limenelo. Ine ndili ndi denga, mkazi amene amati jagora akafuna kundiseka, ndi beseni pafupi ndi bedi. Inu amene mumadziwa malonda, tandiuzani, anapambana ndani pamenepa?